Zomwe zachitika titaika malire pa bolodi lathu

"Tilipo anthu 4, ntchito zimangounjikana osatha. Malire tiike angati?" Linali funso langa mwezi watha, lokhudza malire a kuchuluka kwa ntchito zimene tingamagwire nthawi imodzi.

Zikomo nonse amene munandiyankha. Pa Trello, pulogalamu yosanjira ntchito pa makadi, tinapanga bolodi la mizati inayi imene khadi la ntchito iliyonse limadutsamo: To Do, Doing, Review ndi Done. Doing tinaikira malire a makadi 4, Review 2.

Pomwe panatsekeka ndi pa Review. Makadi awiri anangokhala pamenepo chifukwa wowunika ntchito anali mmodzi yekha, ndiye womaliza ntchito ku Doing analibe kokankhira khadi lake. Mnzathu wina anafuna tikweze malire, koma tinakana. Tinagwirizana kuti Review ikadzaza, aliyense amene manja ake apepuka ayambe wawunika ntchito ya mnzake asanatenge khadi latsopano. Tsopano makadi akuyenda, ndipo tsiku limene khadi lalowa mu Doing tikumalilemba pakhadipo kuti lokhalitsa lizioneka msanga.