Chaputala chachisanu andibwezera: akuti ndangobwereza zotsatira

Mlangizi wa zaulimi, Chipangali:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndikulemba kafukufuku wa digiri yachiwiri wokhudza alimi amene amabzala gilisidiya m'minda ya chimanga. Alimi amene ndinawafunsa anati zokolola zinakwera pang'ono chabe, ndipo ambiri anasiya kusamalira mitengoyo. Asupavaiza andibwezera chaputala chokambirana zotsatira, akuti ndangolembanso chaputala chachinayi, cha zotsatira, m'mawu ena. Ndime zanga zimayamba ndi tebulo, kenako ndimafotokoza zimene zili m'tebulomo. Kodi akufuna chiyani kwenikweni?

Namwino, Katete:
Achimwene, chimene chikusowa ndi maina a ofufuza akale. Pamapeto pa ndime iliyonse lembani kuti zimenezi zikugwirizana ndi zimene anapeza uje m'chaka chakuti. Ine ndinatero ndipo chaputala changa chinadutsa.

Mphunzitsi wa njira zofufuzira, Chipata:
Amayi anena zoona kuti ofufuza akale ayenera kuonekera, koma kupachika dzina kumapeto kwa ndime sikufananitsa, ndipo woyesa watcheru adzafunsa kuti zikugwirizana pa chiyani. Komanso zanuzi, abambo, sizikugwirizana ndi zakale, ndipo pamenepo m'pamene pali chaputala chanu.

M'zaka za m'ma 1990 ofufuza a ICRAF, bungwe lofufuza za kubzala mitengo m'minda, anayesa mitengo yobwezeretsa chonde monga jerejere ndi gilisidiya pamalo ofufuzira za ulimi a Msekera, pafupi ndi Chipata, ndipo chimanga chinabereka kwambiri poyerekeza ndi cha m'minda yopanda feteleza. Inu mwapeza kusintha kochepa. Nenani zimene mwapezazo m'chiganizo chimodzi chokha, mulozere ku tebulo la m'chaputala chachinayi, ndime yotsalayo iyankhe funso lakuti n'chifukwa chiyani zikusiyana.

Yambani ndi kayezedwe. Pamalo ofufuzira amakolola kachigawo kodziwika kukula kwake, amayeza chimanga pasikelo ndiponso amawerengera chinyezi chake. Inu munafunsa mlimi kuti anapeza matumba angati a makilogalamu 50, pamene mwina amakumbukira ngolo za chimanga chosatonola, sawerengera chimene banja linadya chachiwisi, ndipo munda umene akuutcha malima awiri sunayezedwepo. Kenako onani chimene akuyerekeza nacho. Ngati mlimi wanu amathira feteleza wa FISP m'minda yonse iwiri, wa mitengo ndi wopanda mitengo, phindu la mitengo lidzaoneka laling'ono kusiyana ndi la kafukufuku amene ankayerekeza ndi munda wopanda feteleza. Kodi mafunso anu anali a nyengo iti?

Mlangizi wa zaulimi, Chipangali:
Anali a nyengo ya 2023/2024, aphunzitsi, chaka cha chilala chija. Alimi ambiri anatchulanso mbuzi ndi ng'ombe zimene zimamasulidwa anthu akakolola, komanso moto wa osaka mbewa.

Mphunzitsi wa njira zofufuzira, Chipata:
Chilalacho chiyenera kulowa m'ndimeyo, chifukwa mvula ikadula chimanga chikumasula, chonde cha m'nthaka sichingaonetse mphamvu yake yonse. Koma samalani ndi mawu. Za ziweto ndi moto muli ndi umboni, popeza alimi anakuuzani okha, choncho mukhoza kulemba kuti zotsatira zanu zikusonyeza zimenezo, ndi kuonjezera kuti minda yoyesera imatetezedwa pamene ya kumudzi ili pambalambanda. Za chilala simunayeze mvula, choncho lembani kuti n'kutheka kuti chinachepetsa kusiyanako. Musalembe kuti akale analakwa. Iwo anayankha funso la zimene mitengo ingachite ikasamalidwa bwino, inu mukuyankha la zimene zikuchitika m'munda wa mlimi.

Mukamaliza, tengani chiganizo chilichonse mudzifunse ngati chingasamukire ku chaputala chachinayi popanda kusintha liwu. Ngati chingathe, chichotseni.

Mphunzitsi wa sekondale, Petauke:
Inenso ndili pomwepo. Ndinakopera ndime za m'chaputala chachiwiri, chounika zolemba zakale, n'kuziika m'chachisanu kuti kufananitsa kuoneke. Kodi sizokwanira?

Mphunzitsi wa njira zofufuzira, Chipata:
Ayi, abambo, kumeneko n'kubwerezanso, kungoti mwabwereza chaputala china. M'chachisanu mumatengamo mfundo imodzi yokha ya wofufuza wakale, imene ikukhudza chotsatira chimene mukukambirana, pamodzi ndi malo ndi njira imene anagwiritsa ntchito.

Namwino, Katete:
Ndamva, aphunzitsi, koma pa manambala sindikuvomereza. Woyesa wanga anadandaula kuti ankabwerera ku matebulo kawirikawiri, ndipo anafuna kuti maperesenti aonekenso m'chaputala chachisanu.

Mphunzitsi wa njira zofufuzira, Chipata:
Oyesa amasiyanadi pamenepo, ndipo madipatimenti ena amalola kuphatikiza machaputala awiriwa. Ine ndimalola nambala pokhapokha ikaikidwa pambali pa nambala ya wofufuza wina, ndipo zonse ziwiri zikhale za muyezo umodzi.

Mlangizi wa zaulimi, Chipangali:
Ndiye kuti matumba anga ndiyenera kuwasandutsa matani pa hekitala. Chondivuta n'chakuti kukula kwa minda ndinangouzidwa ndi eni ake, choncho ndikafunsa asupavaiza ngati ndifananitse manambala kapena ndingonena kuti kusinthako n'kochepa.