Chipsera cha malemu pa chithunzi cha maliro: ndichotse kapena ndisiye?

Chikondi, Rosettenville: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndalandira ntchito ya chithunzi cha A3 choti chipite limodzi ndi thupi ku Mangochi Lachisanu. Malemu ndi bambo wachikulire, ali ndi chipsera chachikulu kuyambira pansi pa diso lakumanzere kutsika ndi tsaya, anapsa ndi moto ali mwana. Mwana wawo wamkazi wa kuno ku Joni akuti ndichichotse, bambo ake akaoneke bwino. Koma mng'ono wa malemu watumiza mawu kuchokera kumudzi kuti nkhope isakhudzidwe. Wolipira ndi mwanayu. Chithunzi chilipo chimodzi basi, cha pa WhatsApp, ndipo chipseracho chikunyezimira kwambiri.

Yamikani: Achimwene, mvereni wolipira. Chifufuteni ndi Healing Brush ya mu Photoshop, mphindi khumi mwamaliza. Ziphuphu timachotsa tsiku lililonse, palibe amadandaula.

Mayi Nyirenda, Yeoville: A Yamikani, chiphuphu chimatha chokha pakapita masabata awiri, nchifukwa chake palibe amachisowa. Chipsera chimene munthu wakhala nacho moyo wake wonse ndi nkhope yake. Pa siwa ku Mangochi kudzakhala anthu amene anakula naye, ena mwina ankamudziwa ndi chipseracho kuposa dzina. Akadzayang'ana chithunzi nkufunsana kuti kodi ameneyu ndani, manyazi adzagwira banja lonse, mwanayo poyamba.

Komanso mwana wanga Chikondi, tayang'anitsitsa diso lakumanzerelo. Chipsera cha moto chikamapola chimakoka khungu, ndiye kawirikawiri chikope cham'munsi chimatsika pang'ono kapena kamwa imapendekera. Ukafufuta chipsera, diso lokokedwalo limatsala popanda chifukwa chake, nkhope nkuoneka yachilendo. Ukati ukonzenso disolo, wayamba kuumba munthu wina.

Chikondi: Zoonadi mayi, chikope chatsika. Nanga kunyezimiraku nditani nako? Ndikuona ngati ndi kumene kukumupweteka mwanayu.

Mayi Nyirenda: Kumeneko ndiye kokonza. Khungu lopsa ndi losalala, limabweza kuwala kwa fulashi, ndiye pachithunzi limayera kuposa mmene linalili pamaso. Usagwiritse Clone Stamp, imaika khungu la malo ena pamenepo ndipo tsaya limaphwatalala. Tsegula Curves pa leya yakeyake, utsitse kuwala, udetse masiki yonse, kenako upake ndi burashi yofewa yoyera pa Opacity ya 10 kapena 15, pamalo onyezimira pokha. M'mphepete mwa chipsera usakhudzemo. Ukatha, chepetsa chithunzi chifike ngati cha pa foni uchiyang'ane uli chapatali. Ngati chipsera sichikuonekanso, wapitirira, bwerera.

Limbani, Mayfair: Musayerekeze kuchotsa! Chithunzi cha pasipoti kapena cha ku Home Affairs sichisinthidwa, angakukanireni mapepala. Ine kasitomala wanga wina anabwezedwa chifukwa chosalazitsa nkhope.

Yamikani: Bwana Limbani, ndi cha maliro ichi, malemu sakufunsira mapepala. Koma mayi Nyirenda, ine sindikugwirizana nanu kotheratu. Mwanayo naye waferedwa. Mwina anamva bambo ake akudandaula ndi chipseracho zaka zonsezi, ife sitikudziwa.

Mayi Nyirenda: Pamenepo mwanena zoona, ndipo funso loti Chikondi afunse ndi limenelo: malemu eni ake ankachiona bwanji? Ankatembenuza nkhope akamajambulidwa, kapena ankayang'ana kamera maso tuu? Mwini nkhope akanakhala moyo nkundipempha yekha, ndikanachotsa osafunsa kawiri. Apa mwini wake sangayankhe.

Abiti Saidi: Kwathu ndi komweko ku Mangochi. Agogo anga anali ndi mphini m'masaya, wojambula wina anazifufuta osafunsa, akuganiza kuti ndi zokandika za pachithunzi chakale. Amayi anachivundikira m'sutikesi mpaka lero. Ndiwonjezere china achimwene: musakuze cha pa WhatsApp chimenecho. Nthawi zambiri chimafika mbali yaitali isakuposa mapikiselo 1600, pomwe A3 pa 300 dpi imafuna 3508 x 4961. Mukachikuza nkuchinola, m'mphepete mwa chipsera mumatuluka timabokosi, chimaoneka choopsa kuposa mmene chinalili. Apempheni atumize choyambirira ngati Document, kuchokera m'foni imene anajambulira.

Chikondi: Ndapita kukaonana naye mwanayu. Foni yojambulira ndi yake yomwe, ndiye choyambirira ndachipeza. Ndamuonetsa ziwiri, chofufuta ndi chongotsitsa kunyezimira. Analira, kenako analoza chachiwiricho kuti bambo ake ndi awa, ndipo akuti sankabisa tsaya pojambulitsa. Chimenecho ndicho chipite kumudzi. Koma wapemphabe kakang'ono kofufuta koti azisunga yekha m'chikwama.

Yamikani: Mupangireni, ndi kake.

Mayi Nyirenda: Ine ndikanazengereza. Ukamupatsa, umupatse chosindikiza papepala chokha, fayelo ayi. Ikangolowa pa gulu la banja, chaka chamawa udzaipeza pa chiliza.

Chikondi: Ndisindikiza chachikulu mawa m'mawa. Za kakang'onoko ndilankhula naye akabwerako ku maliro.