Wa ejensi wanditchulira malipiro pa WhatsApp, ndipereke notisi?

Wa ku Chilomoni: Akuluakulu a gulu lino la owerengera ndalama, ndithandizeni nzeru. Mayi wina wa ejensi yopezera makampani antchito anandiimbira masabata atatu apitawo za malo a wothandiza akauntanti pa kampani ina ku Ginnery Corner. Chiyambireni zonse takhala tikukambirana pa WhatsApp, ndipo intavyu ndinapita Lachiwiri. Dzulo cha m'ma 9 koloko usiku walemba kuti ndapambana, malipiro K850,000, ndikayambe pa 1 mwezi wa mawa, ndipo nditumize pomwepo zithunzi za masatifiketi ndi chiphaso cha unzika. Ndi chimwemwe ndinayankha ndi voisi ya mphindi ziwiri, kumbuyo ana akulira. Lero ndadzuka ndi manyazi. Kalata yosiya ntchito ndalemba kale, ili m'chikwama. Ndiipereke? Komanso ndikamuuza kuti tipite pa imelo, sayesa kuti ndikumukayikira?

Bambo a ku Limbe: Mwana wanga, amenewo ndi akuba! Mphwanga anamuuza kuti atumize K30,000 pa foni ya "fomu ya kuchipatala", mpaka lero nambala ija siyigwira. Mutsekeni.

Wa ku Chilomoni: Ayi bambo, ndalama sanapemphe. Intavyu inachitikira mu ofesi ya kampaniyo, ndipo bwana wa zachuma anali pomwepo.

Bambo a ku Limbe: Chabwino, ndinawerenga mothamanga. Koma tsiku lomwe atchule Mpamba kapena Airtel Money mudzandikumbukire.

Wa ku Ndirande: Asisi, musadzivute. Masiku ano ntchito zonse zikuyendera pa WhatsApp, imelo anthu amatsegula kamodzi pa sabata. Jambulani sikirinishoti pomwe walemba K850,000 paja, umboni ndi womwewo. Mukachedwa ndi zamwambozo malo atenga wina.

Mayi a ku Makata: Ine ndakhala mu ofesi yoona za antchito zaka zambiri ndithu, ndiye ndiyankhe motalikirapo. Achimwene a ku Ndirande akunena zoona pa chimodzi: WhatsApp ndi yachangu, ndipo ngati wa ejensi ndi amene anayambitsa kulemberana kumeneko, palibe cholakwa kumuyankha komweko. Nthawi ya intavyu, ofesi ili pa nyumba iti, "ndachedwa pa mseu wa Chipembere, ndifika pakatha mphindi 10", zonsezo n'za pa foni. Koma kalata ili m'chikwamayo isatuluke lero.

Chifukwa chake n'chakuti mayiyo si amene adzakulipireni. Iye ndi mkhalapakati. K850,000 wakulemberaniyo ndi zimene iye anamva kwa kampani, mwinanso pa foni. Sikirinishoti ikuonetsa kuti iye ananena, koma siikuonetsa kuti kampani inavomera. Ndipo onani zimene uthengawo sukunena. Kodi ndalamayo ndi asanadule kanthu, kapena ndi yolowa m'thumba? Ngati ndi asanadule, ndipo yonseyo ndi malipiro enieni osati maalawansi, 5 peresenti yanu ya penshoni yokha ndi K42,500, msonkho wa PAYE usanachotsedwe. Nanga 10 peresenti ya bwana ili pambali, kapena aiwerengera momwemo kuti nambala ioneke yonenepa? Ine ndinaonapo mtsikana akulira pa tebulo langa mwezi wake woyamba, atagwira peyisilipi m'dzanja lina, foni m'dzanja lina, akundionetsa uthenga wa wa ejensi. Palibe ananama. Wina ankanena ya asanadule, iye ankamva ya m'thumba, ndipo kuntchito kwake kwakale anali atasiya.

Ndiye lamulo langa n'losavuta: pakangotchulidwa ndalama, tsiku loyambira ntchito, kapena mapepala anu, nkhani isamukire pa imelo.

Wa ku Ndirande: Koma amayi, Export chat ilipo. Mumatulutsa macheza onse n'kusunga.

Mayi a ku Makata: Ilipo, ndipo atulutse lero lomwe. Koma WhatsApp imalola munthu kusintha uthenga wake mkati mwa mphindi 15, kuufufuta mbali zonse mkati mwa masiku pafupifupi awiri, ndiponso ena amatchera kuti mauthenga azizimiririka okha pakatha maola 24, masiku 7 kapena 90. Kuposa apo, nambalayo ndi ya munthu. Akachoka pa ejensi mawa, amachoka ndi foni yake. Imelo ya kuntchito imatsala m'manja mwa ofesi, ndipo yanu mukaitumiza ili ndi tsiku ndi ola.

Wa ku Chilomoni: Ndamva. Nanga ndimuuze bwanji osamukhumudwitsa?

Mayi a ku Makata: Musamupemphe chilolezo, ndipo musanene kuti "ndikufuna umboni". Yambani ndinu kulemba imeloyo, chifukwa chake muli nacho kale: wapempha mapepala. Pamutu lembani dzina la udindo ndi dzina lanu. M'katimo, Chingerezi chake mukonza nokha, koma fundo zikhale izi: "Zikomo chifukwa cha uthenga wanu wa dzulo. Ndatumiza masatifiketi monga munapemphera. Momwe ndamvera, malipiro ndi K850,000 pa mwezi asanadule msonkho ndi penshoni. Mundikonze ngati ndalakwitsa. Ndikupempha kalata ya ofa yochokera ku kampani, yotchula udindo, malipiro, nthawi ya pulobeshoni ndi tsiku loyambira. Kuntchito kuno ndiyenera kupereka notisi ya mwezi umodzi, kuwerengera tsiku lomwe ndilandire kalatayo."

Mukatumiza, pa WhatsApp lembani mzere umodzi: "Mwadzuka bwanji mayi, mapepala aja ndatumiza pa imelo yanu, pamodzi ndi mafunso awiri." Wa ejensi weniweni amakondwera, chifukwa imelo yotero amangoipititsa kwa kampani momwe ilili.

Za notisizo onetsetsani pa kontirakiti yanu. Kwa olipidwa pa mwezi, lamulo la ntchito la 2000 limanena mwezi umodzi. Lero ndi pa 12. Pa 1 simungakwanitse, pokhapokha bwana wanu akumasuleni kapena mulipire masiku otsalawo. Zimenezi n'zosayenera kukambidwa pa voisi.

Wa ku Chirimba: Ndiwonjezepo za mapepala. Ine ndinatumiza satifiketi yanga ya ICAM ngati chithunzi wamba, WhatsApp n'kuifinya mpaka nambala ya umembala osawerengeka. Anandiimbira kawiri. Jambulani bwino, zikhale PDF, fayilo iliyonse ikhale ndi dzina lanu ndi chomwe ili, osati `IMG-WA0007.jpg`. Akaumirira pa WhatsApp, tumizani ngati Document. China, asisi: nambala yake munasunga, iye yanu anasunga, ndiye kuti sitetasi yanu akuiona. Ine zanga za ku Kamba Loweruka ndinazibisa mochedwa.

Wa ku Chilomoni: Haa, sitetasi sindinaiganizire n'komwe! Nanga voisi ija ndifufute?

Mayi a ku Makata: Ngati anamvera kale, isiyeni. Mukafufuta pamatsala chizindikiro choti munafufuta, ndipo chimadabwitsa kuposa ana olira. Musapepesenso. Kungoti kuyambira pano muzilemba, mauthenga athunthu, osati kadontho kadontho kasanu, ndipo akalemba usiku muyankhe m'mawa cha m'ma 8.

Wa ku Ndirande: Apo pokha sindikuvomera. Iye akalemba 9 koloko usiku ndiye kuti ali pa ntchito, ndipo ali ndi anthu ena pa mndandanda. Ine ndingayankhe pompo kuti "ndalandira, ndiyankha bwino mawa pa imelo."

Mayi a ku Makata: Mzere umenewo ndilibe nawo vuto. Chomwe ndimakana ndi kuvomera malipiro munthu uli pa mphasa.

Bambo a ku Limbe: Koma chiphaso cha unzika ine sindingapatse mkhalapakati, kaya pa imelo kaya pa chiyani. Akachione a kampani tsiku losaina.

Wa ku Chirimba: Ma ejensi ena satumiza fayilo yanu popanda chiphaso, bambo. Mwina afunse kaye kuti akuchifuniranji.

Wa ku Chilomoni: Imelo yapita 10:40, masatifiketi okha, chiphaso ndafunsa ngati ndingakapereke ku kampani. Wayankha pa WhatsApp kuti waona, koma bwana wosaina makalata ali ku Lilongwe mpaka Lachisanu, ndipo za penshoni akafunsa. Kalata yanga ikadali m'chikwama. Lachisanu likadutsa kuli zii, ndimuimbire kapena ndilembenso imelo?