Pepala loyamba 24, lachiwiri 31: msana wa mwana wanga ukupindikiradi?

Mayi wa ku Chilomoni

Makolo anzanga, ndi inu a zachipatala amene muli pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 12, ali mu Sitandade 7. Ndinazindikira vuto ndikumuyeza yunifomu: diresi linkakoka mbali imodzi, phewa lamanja lili pamwamba, ndipo atawerama kuti avale nsapato ndinaona nthiti za kumanja zitatukuka ngati kamtumbira. Mu Febuluwale tinajambulitsa ekisireyi ndipo anatiuza kuti ndi sikoliyosisi, kupindikira kumbali kwa msana. Papepala analemba Cobb 24° nkuti tibwerenso pakatha miyezi 6. Sabata yatha tajambulitsanso ku chipatala china, pepala latuluka ndi Cobb 31°, T6–T12, Risser 0. Adokotala anali ndi mzere wautali, anangoti mwana akufunika bulesi, chovala cholimba chapulasitiki chija.

Kuyambira tsiku limenelo tulo sindikuliona. Madigiri 7 pa miyezi 6, ndiye kuti pofika chaka chamawa adzakhala atadutsa 40? Nambala imeneyi amaipeza bwanji? Mwanayo sakumva kupweteka, amasewera mpira wamanja bwinobwino.

NaBanda

Pepani amayi. Kodi amasenza ndowa pamutu kapena chikwama cha mabuku paphewa limodzi? Musiyitseni kaye zimenezo, azigonanso pamkeka osati pamatiresi ofewa. 31 pelesenti siyochuluka, msana wa mwana umawongoka.

Wojambula ekisireyi, Zomba

A NaBanda, si pelesenti ayi, ndi madigiri, omwe aja timayeza ndi kachida kozungulira theka ka m'bokosi la masamu. Komanso ndowa ndi chikwama sizipangitsa sikoliyosisi. Zingatopetse msana, koma mafupa sapotoka chifukwa cha izo, ndipo mkeka sungawabweze.

Amayi, ndisanalankhule zambiri: pojambula mu Febuluwale, mwana anaimirira kapena anamugoneka pathebulo? Nanga pepala loyambalo lalemba mafupa ati?

Mayi wa ku Chilomoni

Achimwene, koyambako anamugoneka chagada, ndinali pomwepo nditamugwirira nsapato. Kwachiwiriku anaima, wopanda nsapato, atayang'ana kukhoma. Pepala loyamba langolemba 24, palibe zilembo za T zimenezo.

Wojambula ekisireyi, Zomba

Ndiye khazikani mtima pansi pang'ono, chifukwa manambala awiriwo sangayerekezedwe. Munthu akagona, thupi silipsinja msana ndipo kupindikako kumachepa, nthawi zambiri ndi madigiri oyandikira 10. Mwana amene wagona nkupezeka ndi 24 akanatha kupezeka ndi 30 kapena kuposa akanaimirira tsiku lomwelo. Choncho mwina msanawo wawonjezera kupindika, mwinanso unali pomwepo kuyambira mu Febuluwale. Zithunzi ziwirizi sizingatiuze.

Kayezedwe kake nkotere. Ikani chithunzi pawindo kuti kuwala kudutse. Muona mafupa a msana atasanjana ngati njerwa. Pamene msana wapindika, njerwa ya pakati penipeni pa kupindikako imakhala pafupifupi yogona bwino, koma mukamakwera mmwamba njerwa zimapendekera mbali imodzi, mukamatsika zimapendekera mbali inayo. Woyeza amafunafuna njerwa yopendekeka kwambiri kumtunda ndi yopendekeka kwambiri kumunsi. Kwa mwana wanu anasankha T6 ndi T12, kutanthauza fupa la 6 ndi la 12 pa mafupa 12 amene amagwira nthiti, kuwerenga kuchokera kukhosi. Amalemba mzere kutsata denga la T6, wina kutsata pansi pa T12. Ngodya imene mizere iwiriyo ikupanga ndiyo Cobb. Pa filimu mizereyo imakakumana kutali, kunja kwa chithunzi, ndiye timalemba mizere ina iwiri yoimirira chilili pa yoyambayo nkuyeza pamene yadutsana. Yankho limakhala lomwelo. Pakompyuta timangodina malo anayi, nambala nkutuluka.

Njira ina yoimvetsa: tinene kuti denga la T6 lapendekera kwina ndi madigiri 14, pansi pa T12 papendekera kwinako ndi 17. Mukaphatikiza, 31. Tsopano wina akasankha T7 mmalo mwa T6, ndipo T7 yapendekeka ndi 11 okha, apeza 28 pa chithunzi chomwecho. Nchifukwa chake ndinafunsa za zilembo zija. Ngakhale pensulo yonenepa imasintha yankho. Madokotala awiri odziwa ntchito amatha kusiyana ndi madigiri 3 mpaka 5, ndipo sitinena kuti msana wawonjezera kupindika pokhapokha kusiyana kwafika 5 kapena kudutsa, pa zithunzi zojambulidwa mwana ataima, zoyezedwa pa mafupa omwewo.

Dzinalo ndi la dokotala wa mafupa wa ku New York, John Cobb, amene analongosola njirayi mu 1948.

Bambo a ku Area 25

Wanga wamwamuna anatupanso pamsana ali ndi zaka 9, kunali TB ya msana. Anamwa mankhwala chaka chathunthu, pano ali bwino. Kayezetseni TB amayi musanawononge ndalama pa mapulasitiki.

Sisi Nachisale, wa fiziyo

Bambo, mwachita bwino kutikumbutsa, TB ya msana kuno ilipo ndithu. Koma imaoneka mosiyana: mwana amamva kupweteka, amaonda, amatuluka thukuta usiku, ndipo msana umathyokera kutsogolo nkutulutsa kanundu kosongoka pakati. Pa ekisireyi mafupa amaoneka odyeka. Mwana uyu akusewera mpira, sakumva ululu, ndipo msana wapindikira kumbali.

Amayi, ine ndikufuna muyang'ane mawu ena aja, Risser 0, chifukwa ndi amene achititsa adokotala kutchula bulesi. Pa chithunzi chomwecho amayang'ana m'mphepete mwa fupa la m'chiuno, pamene timamangira chitenje. Pamenepo pamamera kamzere ka fupa latsopano mwana akamayandikira kusiya kukula, ndipo amakapatsa nambala kuyambira 0 mpaka 5. Ziro ndiye kuti sikanayambe nkomwe, kutalika kwambiri kukadali kutsogolo. Msana umapindika kwambiri pa nthawi imene mwana akuthamanga kutalika. Ndikufunseni ngati mayi mnzanga, mwanayu anatha msinkhu?

Mayi wa ku Chilomoni

Ayi asisi, sanayambe. Koma chaka chino watalika kwambiri, masiketi onse afupika.

Sisi Nachisale, wa fiziyo

Ndiye apa ndisiyana pang'ono ndi achimwene a ku Zomba. Zoona, sitingadziwe ngati panali kuwonjezera pakati pa Febuluwale ndi pano. Koma 31 ya mwana ataima ndi nambala yodalirika, ndipo ngakhale titachotsapo 5 ya kulakwa kwa kayezedwe, tikadali pa 26. Kwa mwana amene akukulabe, madokotala ambiri amangoyang'anira ngati nambala ili pansi pa 20 kapena 25, kujambula miyezi 4 mpaka 6 iliyonse. Kuyambira 25 mpaka 40 amapereka bulesi. Ikafika 45 mpaka 50 amayamba kukamba za opareshoni. Mtsikana wa zaka 17 amene anasiya kukula atapezeka ndi 31 yomweyo, sitikanamuveka kanthu, tikanangomuyang'anira patali. Wanu ndi wa zaka 12, Risser 0, sanathe msinkhu. Ameneyu ali m'gulu limene msana umathamanga kupindika, ndipo sindikanakulangizani kudikiranso miyezi 6.

Chimodzi mudziwiretu kuti musadzakhumudwe: bulesi siiwongola msana. Ntchito yake nkugwira kuti 31 isafike 50 mwana asanamalize kukula. Mukadzavula pakatha zaka ziwiri kapena zitatu nkupeza 30 kapena 33, dziwani kuti yagwira ntchito. Chifukwa chimene timaopera 50 nchakuti msana umene wadutsa pamenepo umapitirira kupindika ngakhale munthu atakula, pafupifupi digiri imodzi pachaka, pomwe wa pansi pa 30 kawirikawiri umakhazikika. Kafukufuku wamkulu wa ku America ndi Canada wotchedwa BrAIST, amene anatuluka mu 2013, anapeza kuti mwa ana ovala bulesi, 72 pa 100 aliwonse anamaliza kukula osafika 50, pomwe mwa osavala anali 48. Anawauza kuti azivala maola 18 patsiku, ndipo amene ankapitirira maola 13 ndi amene zinawayendera bwino kwambiri.

Mtsikana wa ku Mzuzu

Ine ndinavala zaka ziwiri ndili ku sekondale. Ndikuuzeni zoona mama, mu Okutobala chimawotcha koopsa, ndinkatuluka zidzolo m'chiuno ndipo masiku ena ndinkachivula kuchimbudzi cha kusukulu nkuchibisa m'chikwama. Chimene chinandithandiza ndi kasikipa ka thonje kopanda msoko kovala mkati, ndi mayi anga kukalankhula ndi aphunzitsi. Ndinayamba ndi 33, ndinamaliza ndi 41. Opareshoni sindinapange. Mpaka lero sindidziwa ngati ikanakhala 35 ndikanavala mokhulupirika.

Achimwene a ku Joni

Kuno ku Joni amangopanga opareshoni kamodzi nkuika zitsulo, msana nkuwongoka. Bwanji kuzunza mwana zaka zitatu? Akadikira mapapo adzafinyika.

Wojambula ekisireyi, Zomba

Achimwene, ngakhale ku Joni komweko palibe dokotala angatsegule msana wa 31. Opareshoniyo amalumikiza mafupa angapo kukhala limodzi ndipo gawo limenelo silipindanso moyo wonse. Za mapapo, kupuma kumayamba kuvuta pa manambala aakulu kwambiri, cha m'ma 80 kupita mtsogolo.

Asisi a fiziyo ndikugwirizana nawo, mfundo yanga inali yakuti amayiwa asawerengere kuti miyezi 6 iliyonse kuzibwera 7 wina. Amayi, sungani chithunzi cha sabata yathachi ngati poyambira. Kulikonse mukajambulitse, nenani kuti mwana aime, mawondo owongoka, wopanda nsapato, chithunzi chitenge msana wonse mpaka m'chiuno, ndipo woyeza agwiritse T6 ndi T12 omwewo. Ayezenso miyendo, chifukwa mwendo umodzi ukafupika chiuno chimapendekeka ndipo nambala imanama. Bulesi ikapangidwa ajambulenso atavala, kuti aone ngati ikukankha pamalo oyenera.

Sisi Nachisale, wa fiziyo

Ndiwonjezere: nthiti zotukuka kumanja ndi mtundu wofala mwa atsikana. Koma akadzayamba kudzuka usiku ndi ululu, dzanzi m'miyendo, kupunthwapunthwa kapena kulephera kugwira mkodzo, musadikire tsiku la kiliniki, pamenepo pamafunika kujambulitsa pa makina a MRI oonetsa mitsempha ya mumsana. Poti muli mu Blantyre, funsani ku Beit CURE, amaona za mafupa a ana. Masewero a fiziyo tidzamupatsa, koma pa 31 salowa mmalo mwa bulesi.

Mayi wa ku Chilomoni

Zikomo nonse. Ndaika chithunzi pawindo la kukhitchini ndipo njerwa zija ndaziona, mizere ya pensulo ya adokotala ikuonekanso. Lolemba ndipita ndi zithunzi zonse ziwiri. Koma mwanayo wamva za maola 18 ndipo wadzitsekera kuchipinda, akuti anzake azimuseka. Mwana wanga wa ku Mzuzu, ungalole ndikulembere kumbali kuti ulankhule naye? Komanso amene mukudziwa, ngati atavala usiku wonse ndi masana akaweruka, kusukulu osavala, maola 14 amenewo angakwanire pa Risser 0?