Avata yolengeza ulendo wa katundu wa ku Blantyre: ndilipire kapena ndisiye?

Bambo a Chikondi: Abale, ndithandizeni nzeru. Mukudziwa kuti ndimatumiza katundu wa anthu pa basi kuchokera kuno ku Harare kupita ku Blantyre, kudzera pa Nyamapanda, Tete mpaka ku Mwanza. Sabata iliyonse ndimalengeza tsiku lonyamuka ndi mtengo wa chikwama. Mwana wanga wandionetsa zoti munthu umajambula mawu ako, n'kuwapatsa avata, chithunzi cha munthu choyendetsedwa ndi kompyuta, iyo n'kumayankhula pa vidiyo ngati wowerenga nkhani pa kanema. Yaulere ndayesa, koma vidiyo ikutuluka ndi chidindo cha kampani pakona. Kuti chichoke akufuna pafupifupi madola 30 pamwezi. Ndilipire?

Nabanda: Achimwene, musataye ndalama. Zinthu zimenezi sizidziwa Chichewa. Mphwanga anailembera uthenga wa msonkhano wa kwaya, zomwe inayankhula palibe anamvapo kanthu. Pa "ng'ombe" ndiye inachita kutsamwa.

Angozo: Achemwali, zimene mwanenazo n'zoona, koma ndi njira ina imeneyo. Mphwanu analemba mawu kuti makinawo awawerenge okha, ndipo pamenepo Chichewa chimavutadi. A bambo a Chikondi akunena zojambula mawu awo eni. Mapulogalamu ngati HeyGen ndi D-ID amalola kuikamo mawu ojambula kale. Avata sifunika kumva tanthauzo, imangotsata kamvekedwe ka mawuwo n'kumayendetsa milomo ndi chibwano. Ndapanga mavidiyo angapo otere a Chichewa ndi Chishona, ndipo amatheka ndithu.

Musanalipire, yesani pa yaulere ija ndi chiganizo chodzaza m, b ndi p, chifukwa pa zilembo zimenezi milomo imayenera kutsekana. Nenani kuti: "Bambo, bwerani ku Mbare ndi mpunga wa amayi." Kenako muonere vidiyoyo mutatsitsa voliyumu yonse. Ngati pa "Mbare" ndi "mpunga" milomo ikukumana, avatayo ikuthandizani. Ikamangoyasama ngati nsomba, sinthani avata kapena mukonze mawu anu, chifukwa anthu adzaona kuti china chake chalakwika ngakhale asadziwe kuti n'chiyani.

Bambo a Chikondi: Ndiye mwandikumbutsa. Ija ndinayesa dzulo, pakati pa vidiyo pakamwa pamangonjenjemera ine ndili chete. Ndimaganiza kuti ndi chifukwa choti ndi yaulere.

Angozo: Munajambulira pati?

Bambo a Chikondi: Pashopu, ku Mbare konko, masana. Magetsi anali atazima, aneba atalizitsa jenereta. Ndinatumiza mawuwo kwa mwana wanga pa WhatsApp, iye n'kuwaika.

Angozo: Vuto ndi limenelo, ndipo ngakhale mutalipira silichoka. Avata ikamva jenereta, hutala ya kombi kapena wailesi, nthawi zina imayesa kuti munthu akuyankhulabe, ndiye imagwedeza milomo pomwe inu mwapuma. Komanso mawu a voisi ya WhatsApp amakhala atafinyidwa kale kuti asadye data, choncho timawu topyapyala ngati s ndi f timafooka.

Chitani chonchi. Jambulani kunyumba usiku kapena m'bandakucha, m'chipinda chogona momwe muli matiresi, makatani ndi zovala. Kubafa kapena m'chipinda chopanda katundu mawu amabwerera kuchokera m'makoma, ndipo zimenezo sizichotseka bwino pambuyo pake. Foni ikhale patali ngati chikhatho chimodzi kuchokera pakamwa, chapambali pang'ono, kuti mpweya wa p usawombe maikolofoni. Mukadina kujambula khalani chete masekondi atatu musanayambe. Fayiloyo muitumize ngati `Document` kuti ifike momwe ilili.

Masekondi atatu aja ali ndi ntchito. Mwana wanu atsegule mawuwo mu Audacity, pulogalamu yaulere yokonzera mawu, asankhe kachigawo kachete kaja, alowe pa `Noise Reduction` n'kudina `Get Noise Profile`. Akatero asankhe mawu onse n'kuchotsa phokosolo, koma asapitirire 12 dB, apo ayi mudzamveka ngati mukuyankhulira m'chitini. Adule kachete kakumayambiriro, afupikitsenso pena paliponse pamene munapuma nthawi yaitali, chifukwa avata ikasowa chonena imangokuyang'anani ikuphethira, ndipo zimaopsa. Nyimbo musaikemo pano. Muziika vidiyo ikatuluka.

Mai a ku Mufakose: Pepani ndalowa mochedwa. Ndiye kuti chinthu chimenechi chikhoza kutenga chithunzi cha malemu amuna anga n'kuwayankhulitsa pa mwambo woika mwala pamanda? Ana akhala akundifunsa.

Angozo: Amayi, pali mapulogalamu oyankhulitsa chithunzi, koma mawuwo adzakhala a munthu wina, osati a malemu, pokhapokha muli ndi mawu awo amene anajambulidwa ali moyo. Nkhani imeneyo muyambe mwakambirana ndi akuchimuna. Ndikuimbirani madzulo tikambe modekha.

Nabanda: Chabwino, pa za Chichewa ndagonja. Koma funso langa likadalipo. Amene amatumiza katundu kwa achimwenewa ndi azigogo a ku Highfield ndi ku Dzivarasekwa, amene akupereka thumba la shuga ndi madola awo kwa munthu chifukwa amamudziwa nkhope, amadziwa tchalitchi chake ndi mudzi wa makolo ake. Ndiye aone mnyamata wachilendo wa suti akuyankhula ndi mawu a bambo a Chikondi? Adzati akuba alowa pa foni. Bwanji osangoimika foni patebulo n'kudzijambula nokha?

Bambo a Chikondi: Ndinayesapo, achemwali. Kamera ikandiyang'ana ndimachita chibwibwi, ndipo ndimabwereza kakhumi. Pojambula mawu okha ndimawerenga papepala, zimayenda.

Angozo: Mfundo ya a Nabanda ndi yolemera. Yankho lake lingakhale kupanga avata ya nkhope yanu yomwe. Mumadzijambula kamodzi, mphindi ziwiri kapena zitatu, mutayang'ana kamera pamalo owala bwino, kenako mumajambula kavidiyo kena kovomereza kuti nkhopeyo ndi yanu ndipo mwalola. Makampani akuluakulu amafuna chilolezo chimenecho. Mukatero, sabata iliyonse mumangopereka mawu atsopano. Koma muwauze makasitomala poyera kuti ndi avata, ndipo tsiku ndi mtengo muzizilembanso pansi pa vidiyo, popeza ambiri amaonera mu kombi osatsegula mawu.

Tsono tiwerengetsere. Mavidiyo anayi pamwezi pa madola 30 ndiye kuti iliyonse yakudyerani madola 7 ndi theka, data tisanaiwerengere. Muonetsetsenso mmene amawerengera mphindi. Pa mapulani ambiri, mukalakwitsa tsiku n'kupanganso vidiyo, imawerengedwa ngati yatsopano. Vidiyo ya mphindi imodzi yobwerezedwa katatu yadya mphindi zitatu. N'chifukwa chake mawu muziwamvetsera mpaka kumapeto musanawaike. Pa chikwama chimodzi mumatsala ndi zingati?

Bambo a Chikondi: Ndikalipira a basi, madola atatu.

Angozo: Ndiye avatayo iyenera kukubweretserani zikwama khumi zoonjezera pamwezi kuti ingodzilipira yokha.

Nabanda: Zikwama khumi! Chithunzi chanu muli pambali pa basi, mawu anu ali pansi pake, chingagwire ntchito yomweyo kwaulere.

Angozo: Mwina. Komabe nkhope yoyankhula imaimitsa chala cha munthu kuposa chithunzi. Ine ndikadakhala inu, ndikadalipira mwezi umodzi wokha, wa Novembala, pamene anthu amatumiza za Khirisimasi, osadina pa ya chaka chonse. Pamafunika khadi la Visa kapena Mastercard la madola, ndipo amadula okha mwezi uliwonse, choncho tsiku lomwelo mupeze pomwe pali `Cancel subscription` n'kulemba pakalendala.

Nabanda: Novembala katundu amachuluka kale ngakhale popanda avata. Mudzadziwa bwanji kuti yathandiza ndi iyo?

Bambo a Chikondi: Pamenepo mwandigwira, achemwali. Ndiyambe ndajambula za "Mbare ndi mpunga" zija usiku uno ana akagona. Angozo, ndikutumizirani m'mawa muone milomoyo.