Kalata ya mlonda ija tapereka

Ndinafunsa kuti: "Mlonda wa sitolo yathu ku Dedza boma wapezeka wolakwa pa mlandu wakuba feteleza, kalata yomuchotsa ntchito ndilembemo zotani?"

Zikomo nonse amene munandiyankha. Ndinatsatira malangizo a mayi amene anati m'kalatamo mulowe zokhazo zimene zinakambidwa pomumva mbali yake. Choncho ndinalemba tsiku la zokambiranazo, matumba amene anasowa, umboni wa m'kaundula wa katundu, yankho lake, ndi chifukwa chimene sitinakhutire nalo. Za kuchedwa kwake pantchito ndinazisiya, pakuti sitinamufunsepo, ndipo kumuweruza pa nkhani yotere sikukanakhala chilungamo.

Pa ndalama, ena munati tisamupatse kanthu, koma zimenezo ndinakana. Lamulo la ntchito la 2000 limalola kuchotsa wolakwa chotere popanda notisi, komabe malipiro a masiku amene anagwira ndi a tchuthi chimene sanapite ndi ake ndithu, ndipo ndinazilemba padera, chilichonse ndi mtengo wake.

Ndinamudziwitsanso kuti angathe kuchita apilo kwa mwini sitolo, yemwe sanakhale nawo pa zokambiranazo, kapena kukadandaula ku ofesi ya zantchito. Ndinamuwerengera kalatayo pamaso pa mboni, anasainira kuti walandira, ndipo wachitadi apilo.