Mazira achepa, keke yauma: tiyeze bwanji?

Nabanda: Anzanga ophika makeke, ndithandizeni. Resipe yanga ndi ya fulawa magalamu 225, majarini 225, shuga 225 ndi mazira anayi. Thireyi ya sabata ino ndi ya timazira ta misoti yongoyamba kuikira. Ndaika anayi omwewo, koma phala linali lolimba, keke yang'ambika pamwamba ndipo ikuyoyoka poidula. Ndionjezere limodzi kapena awiri?

Mayi a Tadala: Thirani mkaka pang'ono mpaka phala lifewe, basi. Dzira ndi madzi okhaokha.

Che Jafali: Mayi, pa madzipo mwalondola pang'ono, chifukwa magawo atatu mwa anayi a dzira ndi madzi ndithu. Koma gawo lotsalalo ndi limene limauma pa moto n'kugwira keke kuti isayoyoke, ndipo chachikasu chija ndicho chimagwirizanitsa majarini ndi madzi. Mkaka ufewetsa phala, koma sugwira keke.

A Nabanda, siyani kuwerenga, yezani. Ikani mbale pa sikelo, dinani TARE kuti ibwerere pa 0, swerani dzira limodzi m'menemo mutiuze.

Nabanda: Ndi khoko lomwe likulemera 44. Ndaswa, lamkati ndi 39.

Che Jafali: Ndiye vuto ndi lomwelo. Mazira anu anayi ndi magalamu 156 okha. Resipe yanuyo ndi ya ku Britain, ya sipanji imene fulawa, mafuta, shuga ndi mazira zimalemera pafupifupi mofanana. Kumeneko dzira lalikulu limalemera 63 mpaka 73 ndi khoko, ndiye anayi akaswedwa amafika cha m'ma 225. Inu mwaperewera pafupifupi 70, kuposa dzira lathunthu la kwawoko.

Swani asanu ndi limodzi, lililonse m'kapu kaye kuopa lovunda, mupeza cha m'ma 234. Menyani ndi foloko mpaka choyera ndi chachikasu zisakanikirane, kenako tsanulirani m'mbale ya pa sikelo mpaka 225. Kumenyako musakudumphe. Mukatsanula osamenya, chimene chimatsetsereka n'choyera, chachikasu n'kutsalira kapena kugwera chonse nthawi imodzi, ndiye kulemera kukwana koma mlingo wa ziwirizi wasokonekera.

Bambo Zimba: Ine thireyi ndimagula kwa mnyamata wina amene amasankha akuluakulu okha, ndingakulumikizeni naye. Mazira akakula keke imakoma.

Nasibeko: Bambo, funso si kogula. Komanso mazira akuluwo ali ndi vuto lawo. Resipe za ku America zimawerengera magalamu 50 pa dzira loswa. Mukaika anayi a 60, mwaonjezera 40 pa 200 amene amafunika. Majarini ndi shuga zimalephera kumwa dzira lonselo, phala limadukaduka ngati chambiko, keke imakwera bwino mu uvuni kenako n'kugwa pakati, ndipo pansi pamakhala mzere wonyowa ngati labala. Fungo la dzira limamvekanso.

Mayi a Tadala: Nanga ndidziwa bwanji kuti resipe ndi ya kuti? Zambiri timangotumizirana pa foni.

Nasibeko: Ikakhala ya makapu ndipo moto walembedwa 350°F, ndi ya ku America, werengerani 50 pa dzira. Ikakhala ya magalamu ndi 180°C, ingakhale ya ku Britain kapena ku Joni, ndipo apo chenjerani, chifukwa dzira lolembedwa kuti lalikulu ku Joni ndi locheperako kusiyana ndi la ku Britain. Mukakayika yambirani pa 50, muone keke, ndipo mlingo umene wakuyenderani muulembe pa resipe m'magalamu.

Che Jafali: Pa keke ya dzira limodzi kapena awiri, kusiyana kwa magalamu 5 sikuoneka. Kumapweteka mukachulukitsa. Oda ya ukwati yofuna mazira 20 a 50 ndi kilo imodzi. A 39 mukawerenga 20 mupeza 780. Pamafunika 26.

Mayi a Tadala: Koma mukaperewera 10 kapena 15 pa 200, mungaswe dzira lina chifukwa cha zimenezo? Mazira adula. Ine apo mkaka sindiusiya.

Che Jafali: Pa keke ya majarini, supuni imodzi ya mkaka ndivomera. Pa sipanji yokwera ndi thovu la mazira okha, ayi. Mazira otsalawo sataika, pakani pa masikono, kapena vindikirani muike mu filiji mugwiritse ntchito mawa lake.

Nasibeko: Ine ngakhale supuniyo sindiifuna pa keke yosanjikiza, imafunika yolimba. A Nabanda, mazira anuwo ndi a misoti ya nkhuku zoikira kapena a nkhuku zachikuda? Achikuda ndimaona chachikasu chimachuluka, keke imatuluka yonona koma yolemerako ngakhale sikelo ikwane.

Nabanda: Ndi a zoikira. Ndaswa asanu ndi limodzi, akwana 231. Ndikutenthetsa uvuni.